Nyumba ya pa pepala ilibe ming'alu

Pakati pa ophunzira amene ali ndi laputopu pali kaganyu kamene kakufala mwakachetechete. Ejenti wogulitsa nyumba, kapena mmisiri womanga, amakutumizira chithunzi chimodzi pa WhatsApp n'kunena kuti, "Achimwene, mundipangireko ija ya mizeremizere, izioneka ngati yochokera kwa akatswiri a mapulani." Iwe umakhala nacho usiku umodzi, m'mawa n'kubweza nyumba yoyera mbee, yooneka ngati ukuiona uli pamwamba pa mtengo, makona ake ali chilili, denga lake losalala. Ndalama ya bandulo ndi ndiwo imapezeka. Ganyuyu sindikudana naye. Chimene ndikukana n'chakuti munthu ajambule nyumba mwa njira ya aisometiriki kuchokera pa chithunzi chimodzi chokha, osaikapo tepi, kenako n'kuchipereka osalembapo mawu alionse. Chojambula chotero chimalonjeza zinthu zimene wojambulayo sakuzidziwa, ndipo amene amalipira pamapeto pake ndi munthu amene sanaione nyumbayo ndi maso.

Kuti timvane, tiyambe ndi kusiyana kwa zithunzi ziwirizi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Kamera imaona monga diso. Chapafupi chimakula, chakutali chimachepa, ndipo mizere imene pa nyumba yeniyeni imayenda limodzi osakumana, monga mzere wa pansi pa khoma ndi mzere wa m'mphepete mwa denga, pa chithunzi imapita ikuyandikirana mpaka kukakumana patali. Chojambula cha aisometiriki chimakana zonsezi. Mizere yoimirira imakhala yoimirira ndithu. Mizere ya m'litali ndi ya m'lifupi imapendekeka ndi madigiri 30, wina kumanja, wina kumanzere, ndipo sikumana ngakhale mutaitalikitsa mpaka kunja kwa pepala. Chachikulu n'chakuti mita imodzi imakhala ndi utali womwewo m'njira zonse zitatuzi, kaya ndi kutsogolo kwa nyumba kaya kuseri. William Farish, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Cambridge amene anafotokoza njirayi mu 1822, ankaifunira kujambula makina, kuti woona athe kumvetsa kukula kwa chitsulo chilichonse ndi mmene chikulumikizirana ndi chinzake. Kuyambira pachiyambi penipeni, njirayi ndi ya miyeso.

Ndiye munthu akaona chojambula chotere, ngakhale asanamvepo dzina lake, amadziwa kuti ichi n'chochokera ku ofesi, kwa anthu a rula ndi pensulo. Amachikhulupirira kuposa chithunzi. Chithunzi aliyense amadziwa kuti wojambula amaima pamene nyumba ikuoneka bwino. Koma mizere yowongoka ija imaoneka ngati ilibe mbali.

Tiyerekeze ndi nyumba imodzi, ya mtundu umene uli mbwee ku Area 25 ku Lilongwe kapena ku Machinjiri ku Blantyre: zipinda zitatu, khonde kutsogolo, denga la malata lotsikira mbali ziwiri. M'litali ndi mamita 12, m'lifupi mamita 7.2, ndipo khoma ndi lotalika mamita 2.7. Ejenti waima chapakona n'kujambula. Kona yapafupi ili mamita 8 kuchokera pa kamera, kona yakutali ya khoma lalitali ili mamita 16 kulowa mkati mwa chithunzi. Popeza kukula kwa chinthu pa chithunzi kumachepa molingana ndi kutalikira kwake, kona yakutali ioneka theka la yapafupi. Ngati pa sikirini yapafupi ndi masentimita 6, yakutali ikhala masentimita 3, pamene zonse ndi mamita 2.7.

Zimenezo aliyense amaziona ndipo amazikonza. Chimene ambiri sachiona ndi chimene chikuchitika m'litali mwa khomalo. Theka lapafupi la khoma, mamita 6 oyamba, limadya magawo awiri mwa magawo atatu a khomalo pa chithunzi, ndipo theka lakutali limapanikizika m'gawo limodzi lotsalalo. Wojambula akangoika rula pa sikirini n'kusamutsa mazenera monga akuwaonera, zenera la pabalaza lituluka lalikulu ngati la shopu, la chipinda chakumapeto likhala ngati la bafa, ndipo chitseko chimene chili pakati penipeni chisunthira kumapeto. Njira yakale yopezera pakati pa khoma ndi yosavuta: lembani mizere iwiri yopingasa, kuchokera kona yapamwamba kupita kona yapansi ya mbali inayo, ndipo pamene yadutsana ndi pamene pali pakati, ngakhale diso likukana. Mukabwereza m'theka lililonse mumapeza magawo anayi, kenako asanu ndi atatu. Koma njirayi imangokuuzani kuti chitseko chili pakati. Sikuuzani kuti khomalo ndi mamita 12 kapena 13.

Apa ndi pamene anzanga ena amati, "Chitseko chilipo, tiyezera chimenecho." N'zoona kuti chitseko cha m'sitolo chimakhala chotalika mamita awiri ndi pang'ono, ndipo m'lifupi chimapitirira pang'ono masentimita 80. Chimathandiza kupeza kutalika kwa khoma pamalo pamene chitsekocho chili. Koma zitseko zambiri za nyumba zathu ndi zowotcherera kwa mmisiri wa m'mbali mwa msewu, amene anayeza bowo limene womanga anasiya, osati buku. Kuwerenga mizere ya mabuloko n'kwabwinoko ngati khoma lilibe pulasitala: buloko ya simenti pamodzi ndi matope ake imatenga pafupifupi masentimita 20 kukwera ndi 40 m'litali, choncho mizere 13 ndi mamita 2.6 kapena kuyandikira pamenepo. Njerwa zootcha ndiye musaziyese n'komwe, chifukwa chikombole chilichonse chili ndi kukula kwake. Ndipo khoma la m'mbali, limene pa chithunzi limaoneka lopanikizika kwambiri, nthawi zambiri lilibe chitseko. Wojambula akaliyerekeza kuti ndi mamita 8 m'malo mwa 7.2, kusiyana kumene diso silingakugwire pa chithunzi, nyumba ya masikweya mita 86 yasanduka ya 96. Masikweya mita khumi owonjezerawo ndi chipinda chathunthu cha mwana, chimene kulibe.

Komabe vuto la miyeso ndi laling'ono poyerekeza ndi vuto la denga. Aisometiriki imaona nyumba kuchokera m'mwamba, diso litaweramira pansi ndi madigiri pafupifupi 35. Pa chojambula chotere denga limatenga malo aakulu, mwina kuposa makoma. Koma ejenti uja anajambula ataima pansi, foni ili pa msinkhu wa nkhope yake. Iye anaona m'mphepete mwa malata ndi kagawo kochepa ka mbali imodzi. Ndiye denga lonse limene mukuliona pa chojambula lachokera kuti? Lachokera m'mutu mwa wojambula. Kuseri kwa nyumba kungakhale kachipinda koonjezera kokhala ndi denga lakelake lotsika, malo amene madenga awiri amakumana n'kumadontha chaka chilichonse, malata a dzimbiri opsinjidwa ndi miyala. Pa pepala zonsezo zimasanduka timizere tosalala, toyenda limodzi bwinobwino. Wojambula sananame dala. Anangodzaza pamene panali posoweka. Koma wogula sangasiyanitse mzere umene unaonedwa ndi mzere umene unapekedwa, chifukwa yonse ndi yakuda mofanana.

Mapulogalamu a pafoni amene amasandutsa chithunzi kukhala ngati cha pensulo mukangodina kamodzi ali ndi vuto lina. Ambiri amangotsatira pamene mtundu wasintha mwadzidzidzi n'kulembapo mzere. Amalemba mthunzi wa mtengo wa mango ngati kuti ndi mbali ya khoma, amalemba chingwe choyanikapo zovala, koma chinyezi chimene chakwera pang'onopang'ono kuchokera pansi pa khoma amachisiya, chifukwa chilibe malire akuthwa. Ndipo kaonedwe ka kamera kamakhalabe komweko, mizere ikukakumanabe patali. Chimenecho ndi chithunzi chovala yunifolomu ya pulani, si aisometiriki.

Njira yolondola si yovuta, ndipo sifuna pulogalamu yogula. Imafuna tsiku limodzi lopita kumaloko, tepi yaitali, ndi munthu wogwira mbali ina ya tepiyo. Yezani makoma onse anayi, osati awiri, chifukwa nyumba zomangidwa pang'onopang'ono sizikhala zofanana mbali zonse. Yezani kutalika kwa khoma pa kona iliyonse, kutalika kwa nsonga ya gebulo, ndi kutuluka kwa khonde. Mazenera ndi zitseko muziyeze kuchokera pa kona imodzi, tepi osaisuntha: zenera loyamba layambira pa 1.2 kulekeza pa 2.7, chitseko pa 5.6 kulekeza pa 6.4, mpaka kumapeto. Mukamayeza chidutswachidutswa, zolakwika zing'onozing'ono zimaunjikana, ndipo pomaliza mupeza kuti zidutswa zanu zikupitirira khoma. Kenako jambulani khoma lililonse mutaliyang'ana maso ndi maso, mutabwerera m'mbuyo mmene mpanda ungalolere, foni ili chilili. Pewani kamera ya `0.5x`, chifukwa imakokomeza zapafupi ndi kupotoza zam'mphepete. Denga lijambuleni kuchokera pa chulu, pa makwerero, kapena pa khonde la oyandikana nawo mutawapempha.

Mukabwerera, khoma lililonse muliwongole palokha. Mu GIMP, imene ndi yaulere, tsegulani `Tools > Transform Tools > Perspective`, sankhani `Corrective (Backward)`, ndipo kokerani makona anayi a chidacho pa makona anayi a khoma. Khomalo lidzawongoka kukhala la makona olunjika. Koma apa mvetsetsani: pulogalamuyo sidziwa kuti khomalo ndi lalitali bwanji poyerekeza ndi kukwera kwake. Ikhoza kulitulutsa lonenepa kapena lowonda, ndipo sidandaula. Inu ndi amene mumaiuza, kuchokera pa tepi ija. Khoma lathu la mamita 12 ndi 2.7 mulipatse mapikiselo 1200 ndi 270, kuti pikiselo imodzi ikhale sentimita imodzi. Pamenepo zenera lililonse la pa khomalo lingayezedwe pa sikirini, ndipo mungalifananize ndi zimene munalemba m'kope. Zikasiyana ndi masentimita awiri kapena atatu, palibe kanthu. Zikasiyana ndi 20, ndiye kuti kona ina munaiika polakwika.

Chenjezo limodzi ndi lakuti kuwongolaku kumagwira pa zinthu zimene zili pa khoma lenilenilo basi. Chilichonse chotulukira kutsogolo chimanamabe. Ngati munaima mamita 10 kuchokera pa khoma ndipo nsanamira za khonde zatulukira mamita awiri, nsanamirazo zili mamita 8 kuchokera kwa inu, choncho zioneka zazikulu ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Nsanamira ya mamita 2.4 iwerengeka ngati ya mamita atatu, kupitirira khoma limene ili kutsogolo kwake. Ichi n'chifukwa chake makonde ambiri a m'zojambula zotsatsa amaoneka ngati a hotela. Khonde lijambuleni kuchokera pa miyeso yake, osati pa chithunzi.

Kuika makomawo mu aisometiriki ndiye gawo losavuta pa onse. Mu Inkscape, pa `Document Properties`, pali `Axonometric Grid`, ndipo mukaika 30 pa ma engo onse awiri mumapeza timizere totsatira. Kapena lembani khoma lililonse lili lowongoka, kenako mulipendeketse ndi manambala awa, oyamba a khoma lakumanzere, achiwiri a lakumanja:

```
matrix(0.866,  0.5, 0, 1, 0, 0)
matrix(0.866, -0.5, 0, 1, 0, 0)
```

Manambalawa si amatsenga: 0.866 ndi 0.5 ndi kosaini ndi saini wa madigiri 30, zomwe tinaphunzira ku sekondale tija. Amapendeketsa mizere yogona popanda kusintha utali wake, ndipo yoimirira amaisiya mmene ilili. Amene alibe laputopu angachite zomwezi ndi setisikweya ya madigiri 30 ndi 60 ya m'bokosi la masamu. Pa sikelo ya 1:100, khoma lathu ndi masentimita 12 kupita mbali imodzi, 7.2 kupita mbali inayo, ndi 2.7 kukwera.

Tsopano tifike pa chinthu chimene chimandichititsa kunena kuti ngakhale chojambula choyezedwa bwino chimafunika chilembedwe chenjezo. Aisometiriki imasunga miyeso m'njira zitatu zija zokha. Mzere uliwonse wopendekeka mwa njira ina, monga kutsika kwa denga, umanama, ndipo umanama mosiyana kumanja ndi kumanzere.

Tione pa gebulo ya nyumba yathu. M'lifupi ndi mamita 7.2, ndiye kuchokera pa khoma kufika pakati ndi mamita 3.6. Nsonga yakwera mamita 1.3 pamwamba pa khoma, kutanthauza kuti denga lapendekeka pafupifupi madigiri 20. Utali weniweni wa kutsika kwa denga, kuchokera pa nsonga kufika pa khoma, ndi mamita 3.83 mbali zonse ziwiri. Wojambula waluso sayesa kulemba madigiri 20 pa pepala. Amapeza pakati pa khoma la gebulo, amakwera masentimita 1.3, amaika kadontho, n'kulumikiza kadonthoko ndi makona awiri. Watsata malamulo onse. Koma mukaika rula pa mizere iwiri imene yatuluka, wina ndi mamilimita 44, winayo 32, pamene zoona zake ndi 38. Pa nyumba yeniyeni zimenezi zikuwerengeka mamita 4.4 ndi mamita 3.2.

Ganizirani tsopano mwini nyumba amene akufuna kusintha malata, ndipo pepala lokhalo limene ali nalo ndi limeneli. Malata timagula m'mafiti. Kutsika kwa mamita 3.83 kuonjezera masentimita 40 otulukira kunja kwa khoma ndi mamita 4.23, ndipo lata la mafiti 14 ndi mamita 4.27, ndiye likwana ndendende. Akayeza mzere waufupi uja apeza mamita 3.6 n'kugula malata a mafiti 12, amene safika n'komwe pa khoma. Akayeza wautali apeza mamita 4.8 n'kulipira malata a mafiti 16, kenako mmisiri n'kumadula mafiti awiri pa lata lililonse la denga lonse. Palibe amene walakwitsa pojambula. Chojambulacho changofunsidwa funso limene sichingayankhe.

Ndikudziwa zimene amene amachita ganyuyu angandiyankhe, ndipo zina mwa izo ndi zomveka. Anthu ambiri satha kuwerenga pulani. Muwaonetse pepala la zipinda looneka kuchokera m'mwamba, timizere ndi manambala, amangogwedeza mutu mwaulemu. Muwaonetse aisometiriki, nthawi yomweyo amaloza kuti, "Khondeli lifike mpaka apa, ndipo zenera la kukhitchini lisayang'ane ku chimbudzi." Kukambirana kotere kukachitika pa pepala kumapulumutsa matumba a simenti amene akanaonongeka pogumula. Kwa mmisiri amene akufuna kuonetsa kasitomala mmene chipinda choonjezera chidzakhalire pa nyumba imene ilipo kale, palibe chida choposa ichi. Ejenti nayenso ali ndi mfundo: chithunzi cha nyumba imene muli alendi chimaonetsa zovala zawo pa chingwe, galimoto yawo ndi nambala yake, mwina ana awo. Chojambula chimawateteza. Ndipo malonda, kuyambira kale, wogulitsa tomato amaika wamkulu pamwamba pa mulu.

Zonsezi ndikuvomereza, koma mulu wa tomato umatha kuutembenuza usanalipire. Makasitomala ambiri a zojambulazi ndi anthu amene sangautembenuze: mchimwene amene ali ku Joni akutumiza ndalama mwezi ndi mwezi, namwino amene ali ku Mangalande, mphunzitsi amene wasamutsidwira ku Mzuzu ndipo akufuna nyumba ya lendi asanafike. Amene ali pafupi amakwera minibasi n'kukaona okha. Chojambula chimagwira ntchito yaikulu kwa amene alibe njira ina yoonera, ndipo n'chifukwa chake ufulu wochikongoletsa uyenera kuchepa.

Malire ake, m'maganizo anga, ali apa: chotsani chimene chidzakhale chitachoka tsiku limene wogula akulowa, siyani chimene adzachipeze. Wilibala, mulu wa mchenga, zovala, galu, zonsezo zichoke. Koma khoma la oyandikana nawo limene lili mita imodzi kuchokera pa zenera la kuchipinda lidzakhalapo. Mawaya a magetsi odutsa pamwamba pa denga adzakhalapo. Ngalande yodutsa pa geti, mng'alu wotsika mopingasa kuchokera pa kona ya zenera, zenera lopanda lintala pamwamba pake, zonsezi zidzamulandira. Mng'alu ndi mzere umodzi wa pensulo, sutenga ngakhale mphindi kuulemba. Ukasowa pa chojambula, ndiye kuti wina anasankha kuti usowe.

Chimene chimasowa kawirikawiri kuposa zonse ndi nthaka. Timizere ta aisometiriki ndi tafulati, ndipo nyumba imangokhala pamenepo ngati bokosi pa tebulo. Koma nyumba zambiri za ku Blantyre ndi ku Zomba zili pa zitunda. Maziko angakhale otuluka masentimita 20 kutsogolo ndi mita yathunthu kuseri, kapena khoma lakumbuyo lingakhale lolowa m'phiri, madzi onse a mvula akutsikira pamenepo. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mu Marichi 2023, safunika kuuzidwa kuti malo amene nyumba yakhala ndi nkhani ya moyo. Kuyeza kutsetsereka sikufuna makina. Amisiri amagwiritsa ntchito paipi yoonekera mkati yodzaza madzi: madzi a mbali zonse ziwiri amaima pa msinkhu umodzi, ndiye mukayeza kuchokera pa madziwo kufika pansi pa kona iliyonse, kusiyana kwake ndiko kutsika kwa nthaka. Pa chojambula zimangofunika kutalikitsa mizere yoimirira ya makona ena ndi kulemba kamuvi koloza kumene madzi amapita.

Pali ngozi inanso, imene imagwera kasitomala wa mmisiri makamaka. Chojambula chokongola chimayamba kugwira ntchito ya pulani. Mwini nyumba amachisindikiza, amachipereka kwa womanga, womanga amati ndamva, ntchito n'kuyamba. Koma chojambulacho sichinena kuti maziko akuya bwanji, khoma ndi lokhuthala bwanji, zitsulo zili pati, matabwa a denga atalikirana motani. Chimaonetsa khungu lokha. M'mizinda, pansi pa lamulo la mapulani a malo la chaka cha 2016, kumanga kapena kuonjezera nyumba kumafuna chilolezo, ndipo akhonsolo amayang'ana mapulani enieni: a zipinda, a mbali iliyonse ya nyumba, a mkati mwa khoma ndi denga ngati nyumbayo yadulidwa pakati, ndi a mmene yakhalira pa puloti. Mnzathu amene akuphunzira zojambula nyumba ku MUBAS amatha zaka akuphunzira zimene sizioneka pa aisometiriki. Ife ena, amene tinangophunzira Inkscape pa holide, tingathe kujambula bwino kwambiri maonekedwe, koma tisalole kuti pepala lathu lilowe m'malo amene si ake.

Choncho chimene ndikupempha si kusiya ganyu, koma kuti pepalalo lizinena lokha chimene lili. Zimene munayeza muzilembe ndi mzere wathunthu. Zimene munangoganizira, monga mbali ya denga imene simunaione, muzilembe ndi mzere wodukaduka. Zimene sizinamangidwe, monga chipinda chimene mmisiri akulonjeza, zikhale za mtundu wina, kuti wa ku Joni uja asaganize kuti ndalama zake za mwezi watha zafika kale pa lintala. Miyeso itatu ikuluikulu muilembe m'manambala pa chojambulacho, kuti munthu awerenge m'malo moyeza ndi rula, makamaka popeza chikadutsa pa WhatsApp n'kusindikizidwa pa pepala lina sikelo imakhala itatayika. Pansi pake pakhale tsiku ndi chiganizo chimodzi: chojambula chongoonetsa maonekedwe, si pulani yomangira. Ndipo chithunzi chenichenicho chiziyenda nacho limodzi, ngakhale chaching'ono pakona.

Kwa inu amene mwalandira chojambula chotere ndipo mukuganiza zotumiza ndalama, pali mayeso amene mungachite pa foni pomwepo. Ikani m'mphepete mwa khadi kapena pepala pa kona yapafupi ya nyumba, kenako pa yakutali. Ngati ndi aisometiriki yeniyeni, ziyenera kufanana, pokhapokha ngati nthaka yaonetsedwa kuti ikutsika. Onani mzere wa pansi pa khoma ndi wa m'mphepete mwa denga: akamayandikirana, chimenecho ndi chithunzi chongodutsitsidwa mu pulogalamu. Onani mazenera: akamachepa motsatizana kupita kumapeto, ngakhale khoma lili lowongoka, wojambula anakopera pa sikirini. Kenako funsani mafunso awiri. Loyamba, khoma la m'mbali ndi mamita angati, ndipo anayeza ndani? Lachiwiri, munditumizireko chithunzi cha kuseri, wina ataima pafupi ndi khoma kuti ndione msinkhu. Ejenti amene nyumba yake ili bwino amatumiza tsiku lomwelo.

Chovuta chenicheni chili kwa wojambula, chifukwa amene akulipira ndi ejenti, osati wogula. Ejenti akhoza kunena kuti timizere todukaduka tikuipitsa chithunzi, ndi kuti mawu apansiwo aopseza makasitomala. Akhozanso kungowadula asanachiike pa Facebook, zimene zimatenga masekondi asanu. Pa chimenechi njira imene ndikuiona ndi yoika mawuwo ndi manambala mkati mwa chojambula, pa nthaka ya kutsogolo kwa khonde kapena motsatira mzere wa khoma, pamene kuwadula kungatanthauze kudula nyumba yomwe. Za thiransipoti yopita kukayeza, muiwerengere mu mtengo kuyambira pachiyambi, ndipo mupereke mitengo iwiri: wa chojambula choyezedwa, ndi wa chongokopera pa chithunzi. Chachiwiricho muchisiye m'kaonedwe ka kamera, mizere ikukakumana patali monga diso linaonera, denga likuoneka kagawo komwe ejenti anaona ataima pansi.